Funso la Mwera ndi Mpoto: m'mene mungayalire yankho pa mlandu wa boma

Loweruka lina madzulo, m'kachipinda ka ku Chikanda komwe ndimakumana ndi ophunzira zamalamulo anayi a ku Chirunga, mtsikana wina anandipatsa yankho lake la masamba atatu. Zolemba zake zinali zaukhondo, milandu yodziwika yonse anaitchula, ndipo pomaliza analemba kuti dziko la Mwera lalakwa kwambiri, liyenera kulipira. Ndinamufunsa kuti, "Chemwali, Mwera yalakwa pa chiyani? Pa wapolisi uja, pa zigawenga, kapena pa anyamata aja?" Anayang'ana pepalalo kwa kanthawi n'kunena kuti, "Pa zonse, achimwene." Malikisi ambiri pa funso la mtundu umenewu amatayikira pa mawu akuti "zonse" amenewo.

Funso lomwe tinkayeserera ndi ili, ndipo mayiko ake ndi opeka monga zimakhalira pa mayeso. Mwera ndi Mpoto ndi mayiko oyandikana, ndipo pali mtsinje wochokera ku Mwera wotsikira ku Mpoto. Mu Januwale, wapolisi wa Mwera ali pa rodibuloko atavala yunifolomu anamenya wamalonda wa ku Mpoto n'kumulanda lole ya feteleza chifukwa anakana kupereka chiphuphu, ngakhale kuti malamulo a polisi ya Mwera amaletsa zimenezi. Wamalondayo anabwerera kwawo osakasuma. Mu Malichi, gulu la zigawenga za ku Mpoto, lomwe boma la Mwera limalipatsa ndalama ndi mfuti, linatentha mudzi wa m'malire n'kupha anthu 12. Mu Meyi, anyamata okwiya analowa mu ofesi ya kazembe wa Mpoto ku likulu la Mwera n'kutsekeramo antchito. Apolisi anaimbiridwa foni kawiri koma sanabwere, ndipo patatha masiku atatu pulezidenti wa Mwera analengeza pa wailesi kuti anyamatawo asatulukemo, antchitowo asamasulidwe, mpaka Mpoto itapepesa. Mu Ogasiti kunagwa chilala, Mwera inatseka damu lake, pomwe pangano la mayiko awiriwa limati madzi azidutsa chaka chonse. Mpoto inabwezera poimitsa pangano lochotserana misonkho pa katundu, komanso inamanga kazembe wa Mwera. Langizani Mpoto.

Ngati mwapatsidwa mphindi 45, zisanu ndi ziwiri zoyamba musalembe yankho. Tembenuzani pepala, lembani mizere isanu, mzere uliwonse chochitika chimodzi: wapolisi, mudzi, ofesi ya kazembe, damu, kubwezera kwa Mpoto. Pa mzere uliwonse funsani mafunso anayi motsatana. Kodi mchitidwewu tingausenzetse boma? Kodi ukuphwanya lamulo liti la pakati pa mayiko? Kodi boma lili ndi chifukwa chovomerezeka chochotsa kulakwako? Nanga wolakwiridwa apempha chiyani, ndipo kodi ali ndi ufulu wopempha?

Mafunso awiri oyambawo akuchokera pa Gawo 2 la malamulo a udindo wa mayiko pa zolakwa zawo, omwe komishoni ya malamulo a pakati pa mayiko inamaliza kulemba mu 2001, motsogozedwa pomaliza ndi James Crawford, ndipo msonkhano waukulu wa United Nations unawalandira m'chigamulo 56/83 chaka chomwecho. Ali ndi magawo 59. Ndime yoyamba ya yankho lanu inene zinthu ziwiri zokha za malamulowa: kuti si pangano lomwe mayiko anasainira, koma makhoti amatenga magawo ake ambiri ngati chithunzi cha malamulo a chizolowezi omwe amamanga dziko lililonse, komanso kuti sakuuzani zomwe dziko liyenera kuchita, amangokuuzani zotsatira dziko likaphwanya udindo womwe uli kwina. Udindowo muyenera kuupeza nokha, m'pangano kapena m'chizolowezi, pa chochitika chilichonse. Ziganizo zitatu zakwana. Mbiri ya komishoniyo isiyeni.

Wapolisi ndi wosavuta, choncho musachedwepo. Gawo 4 limati zochita za nthambi iliyonse ya boma ndi zochita za boma, kaya ndi nduna kaya ndi wapolisi wamba wa pamsewu. Wolemba funso waikapo msampha wakuti malamulo a polisi amaletsa ziphuphu, kuti muganize kuti boma lapulumuka. Gawo 7 limatseka njira imeneyo: ngati munthuyo ankachita zinthu monga wantchito wa boma, mlandu ndi wa boma ngakhale anapyola malire kapena ananyozera malangizo. Tchulani mlandu wa Caire wa mu 1929, momwe asilikali a Mexico anapha Mfalansa atakana kuwapatsa ndalama, ndipo Mexico inasenza mlandu chifukwa anagwiritsa ntchito udindo wawo ndi zida za ntchito. Kenako lozani mfundo za m'funso: yunifolomu, rodibuloko, mphamvu yoimitsa galimoto. Wamalondayo anaima chifukwa womuimitsayo anali wapolisi. Akanakhala kuti anamenyana ku bala usiku, wapolisiyo atavala zakunyumba, pa nkhani ya ngongole yawo, bwenzi tikunena zina. Udindo wophwanyidwa ndi wosamalira mlendo ndi katundu wake pa mlingo womwe malamulo a pakati pa mayiko amafuna.

Koma pali chiganizo chimodzi chaching'ono chomwe atatu mwa anayi aja anachidumpha: wamalondayo sanakasume. Pamenepa Mpoto ikudandaula m'malo mwa nzika yake, ndipo Gawo 44 limafuna kuti munthuyo akhaledi nzika ya dziko lodandaulalo komanso kuti ayambe wayesa makhoti a dziko lomulakwiralo, ngati njirazo zilipo ndipo zimagwira ntchito. Choncho Mwera yalakwa, koma dandaulo ili silinapse. Langizani kuti wamalondayo akasume ku Mwera, pokhapokha Mpoto itasonyeza kuti makhoti a kumeneko sangamupatse chilungamo. Onjezani kuti lamulo limeneli silikhudza nkhani ya kazembe kapena ya damu, popeza kumeneko wolakwiridwa mwachindunji ndi dziko la Mpoto lenilenilo.

Tsopano mudzi wotenthedwa, pomwe pagona malikisi ochuluka ndipo pomwe mtima umanyenga. Anthu 12 afa, mfuti zinachokera ku Mwera, ndiye wophunzira amafuna kulemba kuti Mwera yapha anthuwo. Gwirani cholembera kaye. Zigawengazi si nthambi ya boma la Mwera, choncho khomo lolowera ndi Gawo 8, lomwe limasenzetsa boma zochita za anthu wamba ngati anachita molamulidwa, motsogoleredwa kapena mowongoleredwa ndi bomalo pa mchitidwe umenewo. Mawu ofunika ndi omalizawo, akuti pa mchitidwe umenewo.

Khoti la dziko lonse la ku Hague linagamula mlandu wa Nicaragua ndi Amereka mu 1986. Amereka inkapereka ndalama, zida ndi maphunziro kwa zigawenga zolimbana ndi boma la Nicaragua, thandizo lalikulu zedi. Komabe khotilo linati nkhanza zomwe zigawengazo zinachitira anthu wamba sizingasenzetsedwe Amereka popanda umboni wakuti inkalamulira kwenikweni ntchito zomwe nkhanzazo zinachitikiramo. Mu 1999, khoti loweruza milandu ya nkhondo ya ku Yugoslavia, pa apilo ya Tadić, linagwiritsa ntchito muyeso wofewerapo, wakuti nkokwanira ngati dziko likuwongolera gululo lonse pamodzi, osati ntchito iliyonse payokha. Mu 2007, pa mlandu wa Bosnia ndi Serbia, khoti la ku Hague linakana kutengera muyeso wofewawo pa nkhani ya udindo wa dziko, n'kubwerera ku wa Nicaragua. Ophunzira ambiri amaidziwa mbiri imeneyi ndipo amaithera tsamba lathunthu. Chomwe woyesa akufuna ndi chakuti muiike pa mfundo za funso. Funso latiuza za ndalama ndi mfuti basi. Silinanene kuti msilikali wa Mwera anasankha mudziwo, anapereka lamulo, kapena anakonza nawo chiwembucho. Pa muyeso wa Nicaragua, kutentha mudzi si mchitidwe wa Mwera. Ndipo onani ichi, chomwe chimasiyanitsa yankho labwino ndi lapakatikati: ngakhale pa muyeso wa Tadić Mpoto ikanavutikabe, chifukwa nawonso umafuna zoposa ndalama ndi zida, umafuna kuti dziko litengeko mbali pokonza kapena kulinganiza nkhondo za gululo.

Mnyamata wina m'gulu lija anafika pamenepa bwinobwino, n'kulemba kuti Mwera ilibe mlandu pa nkhani ya mudzi, n'kudumphira pa kazembe. Iyi ndi mfundo yomwe ndimafuna aliyense achoke nayo m'chipindacho. Mukalephera kusenzetsa boma zochita za anthu ena, musachoke pa mzerewo. Funsani kuti, nanga bomalo palokha linachita chiyani, kapena linalekerera chiyani? Ndalama ndi mfuti zija sizinagwe kumwamba. Anazipereka ndi akuluakulu a boma la Mwera, ndipo kuperekako ndi mchitidwe wa boma pansi pa Gawo 4 popanda mkangano. Pa mlandu womwewo wa Nicaragua, khoti linapeza kuti Amereka inaphwanya lamulo loletsa kulowerera m'nkhani za dziko lina, ndipo linasiyanitsa bwino: kupereka ndalama kokha ndi kulowerera, koma kupereka zida ndi kuphunzitsa nkhondo kumafika pa kugwiritsa ntchito mphamvu kosaloledwa. Mwera yachita zonse ziwiri, ndalama ndi mfuti. Choncho yankho lanu linene kuti Mwera siyankha mlandu wa kupha kwenikweniko monga mchitidwe wake, koma iyankha wa kulowerera ndi wa kugwiritsa ntchito mphamvu. Funso lotsala, lomwe muyenera kulitchula, ndi lakuti kodi imfa za anthu 12 aja zikulumikizana mokwanira ndi kupereka mfuti kuti zilowe m'chipukuta misozi. Mpoto idzafunika umboni wakuti mfuti za Mwera ndi zomwe zinagwira ntchito usiku umenewo, kapena kuti popanda thandizolo chiwembucho sichikanatheka.

Kaganizidwe komweko ndi komwe kamatsegula nkhani ya ofesi ya kazembe, koma kuno muyenera kudula nthawi pawiri. Aliyense amene anawerenga mlandu wa Amereka ndi Iran wa mu 1980 azindikira kuti wolemba funso anatengera pamenepo. Pa 4 Novembala 1979 gulu la ophunzira linalanda ofesi ya kazembe wa Amereka ku Tehran. Khoti linati pa chiyambi anthuwo sankachita m'dzina la boma, choncho kulandako sikunali mchitidwe wa Iran. Komabe Iran inali italakwa kale tsiku lomwelo, chifukwa pangano la ku Vienna la 1961 la ubale wa akazembe, pa Gawo 22, limapatsa dziko lolandira udindo wapadera woteteza ofesiyo, ndipo Iran inangokhala manja lende. Mu funso lathu, masiku atatu oyamba ndi otero. Anyamatawo ndi anthu wamba, koma mafoni awiri osayankhidwa aja ndi umboni wakuti boma linkadziwa, linali ndi apolisi, ndipo silinachite kanthu. Gawo 2 limanena momveka kuti kusachita kanthu nakonso ndi mchitidwe.

Patatha masiku atatu zinthu zikusintha. Gawo 11 limati mchitidwe womwe poyamba sunali wa boma umasanduka wake ngati bomalo lauvomereza n'kuutenga kukhala wakewake. Samalani apa, chifukwa kuyamikira kokha sikukwana. Pulezidenti akanangonena kuti akumvetsa mkwiyo wa anyamatawo, kapena kuti ndi ana okonda dziko lawo, bwenzi Gawo 11 lisanafikidwe. Koma iye wanena kuti asatulukemo ndipo antchito asamasulidwe mpaka Mpoto itapepesa. Wasandutsa kutsekera anthu kukhala chida cha boma chokakamizira dziko lina, monga zinachitikira ku Tehran pamene Ayatollah Khomeini analamula pa 17 Novembala 1979 kuti ogwidwawo asungidwe mpaka Amereka itabweza mfumu ya Iran yomwe inachotsedwa pampando. Kuyambira pamenepo anyamatawo akuchita ntchito ya boma, ndipo Mwera ikuphwanya Gawo 22 ndi Gawo 29 la pangano la ku Vienna ndi manja ake. Kulakwaku kukupitirira tsiku lililonse lomwe antchitowo ali m'katimo, choncho choyamba kupempha ndi chakuti kuleke, pansi pa Gawo 30 la malamulo a udindo wa mayiko aja. Za ndalama zibwere pambuyo.

Pa damu, musataye nthawi ndi funso la kusenzetsa. Boma latseka lokha ndipo pangano laphwanyidwa, chiganizo chimodzi chakwana. Mkangano uli pa chifukwa chomwe Mwera ipereke. Ophunzira amakonda kuthamangira ku Gawo 23, la mphamvu yosaletseka, poona mawu akuti chilala. Gawo limenelo limafuna kuti kukwaniritsa udindo kukhale kosatheka ndithu, monga damu litagumuka kapena mtsinje utaphwa. Kuno madzi alipo ndipo Mwera yasankha kuwasunga. Kusankha kumatitengera ku Gawo 25, la kukakamizika ndi vuto lalikulu, lomwe linalembedwa mwadala kuti likhale lopapatiza. Mwera iyenera kusonyeza kuti kutseka damu inali njira yokhayo yotetezera chinthu chofunika kwambiri ku ngozi yaikulu yomwe yayandikira, kuti sikunawononge kwambiri chinthu chofunika cha Mpoto, komanso kuti Mwerayo sinathandizire kubweretsa vutolo. Pa mlandu wa Gabčíkovo-Nagymaros wa mu 1997, Hungary inasiya ntchito ya madamu pa mtsinje wa Danube yomwe inagwirizana ndi Czechoslovakia mu 1977, ponena kuti ikuteteza chilengedwe. Khoti linavomereza kuti chilengedwe ndi chinthu chofunika, koma linati ngoziyo sinali itayandikira ndipo njira zina zinalipo, ngakhale zodula.

Aliyense wa ku Zomba kuno amene anaonapo mipopi itauma mu Okutobala akudziwa kuti madzi akumwa ndi nkhani ya moyo, ndiye vomerezani kuti Mwera ili ndi poyambira. Kenako ifunseni mafunso. Kodi inayesa kuchepetsa madzi odutsa m'malo motsekeratu? Kodi inayesa kugawa madzi mwa nthawi m'mizinda yake, kapena kukambirana ndi Mpoto? Nanga anthu a ku Mpoto amene amamwa mtsinje womwewo? Funso silinayankhe zonsezi, ndipo ndi bwino kulemba poyera kuti yankho lidalira mfundo zimenezi, kenako n'kunena komwe mwapendekera. Ine ndimapendekera kwakuti Mwera igwa pa mawu akuti njira yokhayo. Ndipo ngakhale itapambana, Gawo 27 limasiya khomo lotseguka la kulipira zowonongeka, komanso damulo liyenera kutsegulidwa chilala chikangotha.

Mzere wachisanu ndi womwe umawawa, chifukwa amene mukumulangizayo nayenso walakwa, ndipo loya wabwino amamuuza. Magawo 49 mpaka 53 amalola dziko lolakwiridwa kuimitsa kwa kanthawi udindo wake kwa dziko lolakwalo, pofuna kulikakamiza kuti lisiye ndi kukonza, osati pofuna kulilanga. Kuimitsa pangano la misonkho kungalowe m'gululi: kumabwezeka, ndipo poyerekeza ndi zomwe Mwera yachita nkovuta kunena kuti kwapyola muyeso womwe Gawo 51 limafuna. Koma Gawo 52 limafuna kuti Mpoto iyambe yapempha Mwera kukonza zinthu, idziwitse za chisankho chake, ndipo ipereke mwayi wokambirana. Funso lili chete pa zimenezi, choncho lembani nthambi zonse ziwiri m'ziganizo ziwiri. Kumanga kazembe kulibe nthambi ziwiri. Gawo 50 limaletsa kukhudza chitetezo cha akazembe pobwezera, ngakhale mnzanuyo ndiye anayamba. Njira zomwe pangano la ku Vienna limapereka ndi kulengeza kuti kazembeyo sakufunikanso m'dziko, pansi pa Gawo 9, kapena kuthetsa ubale.

Zokonza zolakwa muzilembe pamodzi kumapeto, koma muzimangirire ku chochitika chilichonse. Maziko ake ndi mlandu wa fakitale ya ku Chorzów wa mu 1928, womwe unati kukonza kuyenera kufafaniza zotsatira za kulakwa momwe kungathekere, ndipo Gawo 31 linatengera pamenepo. Kubweza zinthu mwakale kumayamba: ofesi ibwezedwe, antchito amasulidwe, damu litsegulidwe, lole ibwerere kwa mwini wake dandaulo lake likapsa. Chipukuta misozi chimakwirira zomwe kubwezako sikungafikire, monga mbewu zomwe zinauma kumunsi kwa mtsinje ndi katundu wa mu ofesi. Kupepesa ndi kulanga olakwa kumayankha chipongwe chomwe dziko lachitiridwa. Chenjezani Mpoto kuti ndalama zimatsata umboni. Pa mlandu wa Diallo, Guinea inapempha madola oposa 11 miliyoni chifukwa cha nzika yake yomwe inamangidwa ndi kuthamangitsidwa ku Congo, ndipo mu 2012 khoti linapereka madola 95,000 okha.

Mtsikana uja analembanso yankho lake sabata yotsatira, n'kubwera nalo litanyowa pakona ndi mvula ya m'phiri. Linali la masamba awiri ndi theka, ndipo ndime yake yomaliza inali malangizo kwa Mpoto motsatana: imasule kazembe wa Mwera lero lomwe, itumize kalata yofuna kuti antchito ake amasulidwe, damu litsegulidwe ndipo thandizo kwa zigawenga lileke, inene m'kalatamo kuti misonkho ibwerera mwakale Mwera ikachita zimenezi ndipo ndi yokonzeka kukambirana, iyambe kusonkhanitsa umboni wa komwe mfuti zinachokera, ndipo iuze wamalonda uja kuti akasume ku Mwera. Ndinamuuza kuti awonjezere chiganizo chimodzi chokha, chakuti kulakwa kwa Mwera sikutanthauza kuti khoti la ku Hague lingamve mlanduwo, popeza khotilo limafuna chilolezo cha mayiko onse awiri ndipo funso silinanene ngati chilipo.